Musatseke chitseko, ndikubwera

Kwathu kuno munthu akamatuluka m'nyumba amati "ndikubwera". Wakupatsani kale nkhongo, phazi lili panja, koma pakamwa akuti akubwera, ndipo palibe amadabwa. Tonse timamva kuti akungofika apa pagolosale, madzi a tiyi asanawire akhala atabwerera. Achimwene anga ananena mawu amenewa pa Wenela m'chaka cha 2016, akukwera basi ya ku Joni. Mpaka pano akuwanenabe, makamaka Disembala akayandikira, ndipo sanabwerepo.

Kunyumba kwathu ku Bangwe nkhaniyi inatigawa. Achemwali amati achimwene ndi abodza, basi, palibenso zokambirana. Amayi safuna kumva zimenezo. Ine kwa nthawi yaitali ndinalibe mbali, chifukwa funso lake linkandizungulira mutu: munthu akamanena mawu omwewo chaka ndi chaka, mwina nthawi zonse akunena kuchokera pansi pa mtima, kodi mawuwo amasanduka bodza liti? Chinandithandiza kuganiza bwino ndi mtundu wina wa ndakatulo umene ndinakumana nawo ndili ku Chanco, umene panthawiyo ndinkauona ngati masewera a azungu osowa chochita. Dzina lake ndi vilaneli.

Vilaneli imakhala ndi mizere 19. Ndime zisanu zoyamba zimakhala ndi mizere itatuitatu, ndipo ndime yomaliza imakhala ndi inayi. Chinsinsi chake chili pa mizere iwiri ya m'ndime yoyamba, woyamba ndi wachitatu. Mizere imeneyi imabwerera mosinthana, uwu kutseka ndime iyi, winawo kutseka yotsatira. Woyamba uja umabweranso pa mzere wa 6, wa 12 ndi wa 18. Wachitatu umabweranso pa wa 9, wa 15 ndi wa 19. Ndiye kuti kumapeto kwenikweni iwiriyi imakumana, wina pamwamba pa mnzake. Lamulo lina ndi lakuti ndakatulo yonse imathera m'mamvekedwe awiri okha: mizere yapakati pa ndime imamveka mofanana yokhayokha, ina yonse imamvekanso mofanana.

Mukawerengetsa muona kuti pa mizere 19 ija, isanu ndi itatu ndi mizere iwiri yomweyo. Wolemba amatsala ndi 11 yokha yoti anenemo zatsopano. Dzinalo linachokera ku liwu la Chitaliyana lonena nyimbo ya anthu akumudzi, koma malamulo okhwimawa anabwera mochedwa. Mlakatuli wa ku France, Jean Passerat, analemba ndakatulo ya njiwa yotayika imene inasindikizidwa mu 1606, ndipo patapita zaka zoposa 200 alakatuli ena anatenga kamangidwe ka ndakatulo imodziyo n'kukasandutsa lamulo.

Chimene sindinachimvetse ndili pasukulu ndi chakuti ife kubwereza kotere tinakulira momwemo. Agogo akamasimba nthano, kanyimbo ka m'nthanomo kamabwera katatu kapena kanayi, mawu osasintha. Koyamba timaimba tikuseka. Pofika kachitatu timakhala tadziwa kuti chilombo chili kuseri kwa chitsamba, ndiye kanyimbo komweko timakaimba mtima uli m'mwamba. Pamaliro ndi chimodzimodzi. Kolasi imene amayi a mvano aimba usiku wonse pasiwa imamveka mwina bokosi likamatsikira m'manda. Palibe liwu limene lasintha m'nyimbomo. Chasintha ndi zimene zachitika pakati pa kuimba koyamba ndi kuimba uku.

Vilaneli imangotenga zimenezi n'kuziika m'malire othina. Chitsanzo chimene chinanditsegula maso ndi ndakatulo ya Elizabeth Bishop wa ku America, ya m'chaka cha 1976. Mzere wake wobwerera umanena modzitama kuti kutaya zinthu si nkhani yovuta. Amayamba ndi tinthu ngati makiyi, ndipo timavomereza. Kenako akutchula nyumba, kenako mizinda, pomaliza munthu amene ankamukonda. Pofika apo wowerenga wazindikira kuti mayiyu akudzilimbitsa mtima chabe, ndipo mzere umene poyamba unali nthabwala wasanduka kulira. Sanalembe paliponse kuti ndikunama. Anangolola zinthu zapakati kuti ziutsutse mzerewo pang'onopang'ono.

Nditaona zimenezo ndinaganiza zoyesa ndi mawu a achimwene. Ndinailemba pafoni, mbali ina ndili m'minibasi pa Chipembere Highway pochokera kuntchito. Nayi.

Musatseke chitseko, ndikubwera,
ndikungogula mchere apa pakona.
Mawu amenewa tawazolowera.

Tsiku lokwera basi pa Wenela
anaseka, nati kwa amayi, "Zoona,
musatseke chitseko, ndikubwera."

Akuti ku Joni zinthu zawayendera,
pachithunzi ndi munthu wonona.
Mawu amenewa tawazolowera.

Chaka chikamatha amatilembera,
kuopa kuti tingawatche mtchona:
"Musatseke chitseko, ndikubwera."

Aneba amati, "Mungomupempherera,
mawa lomweli mudzamuona."
Mawu amenewa tawazolowera.

Dzulo kwa amayi kunandidera,
ndinatsanzika, ndinakana kugona:
"Musatseke chitseko, ndikubwera."
Mawu amenewa tawazolowera.

Sindikunena kuti ndi ndakatulo yapamwamba. Ndaiika pano kuti tione mmene mizere iwiri ija ikuyendera, chifukwa yankho la funso langa ndinalipeza mmenemo.

Tiyambe ndi mzere wa chitseko. Koyamba ukunenedwa ndi mnyamata wotumidwa mchere, ndipo ndi woona ndithu, pakatha mphindi zisanu abwera. Kachiwiri uli pa Wenela. Apa ndi nthabwala yotonthoza, munthu akuchepetsa dala ulendo wodutsa Mwanza, Tete ndi Beitbridge kuti umveke ngati wa pakona, amayi asalire pagulu. Kachitatu wabwera pa WhatsApp patapita zaka, ndipo mzere wapamwamba pake watiuza chifukwa chake: mantha otchedwa mtchona. Pamenepa mawuwo asiya kunena za ulendo. Akupempha kuti malo awo m'banja asaperekedwe kwa wina. Kachinayi wonena ndi ine.

Mzere winawo umasintha mwa njira ina. Liwu lakuti "amenewa" limaloza chilichonse chimene changonenedwa kumene. Poyamba likuloza kutsanzika kwa tsiku ndi tsiku, ndipo kuzolowera kwake n'kwabwinobwino. Kenako likuloza mbiri za anthu obwera kuchokera ku Joni, zakuti m'bale wanu ali bwino, wanenepa. Kenako likuloza chitonthozo cha aneba. Pomaliza likuloza ine. Nthawi iliyonse "kuzolowera" kukulemera, kuchoka pa chizolowezi chabe kufika pa kutopa.

Kwa amene mungafune kuyesa, Chichewa chili ndi msampha wake. Pafupifupi mneni aliyense amathera ndi "a", ndiye kufananitsa chilembo chomaliza chokha sikumveka ngati kanthu. Khutu lathu limagwira phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, chifukwa ndi limene timalikoka polankhula. Muyenera kufananitsa maphatikizo awiri omaliza, monga "pakona" ndi "kugona". Ubwino wake ndi wakuti "l" ndi "r" kwa ife ndi pafupifupi liwu limodzi, n'chifukwa chake "Wenela" akugwirizana ndi "ndikubwera" popanda vuto. Kuipa kwake ndi kwakuti mathero a "-era" ndi osavuta kwambiri kuwapeza. Mutha kumata "-era" pa mneni aliyense, mizere yonse n'kumathera m'aneni okhaokha mpaka ndakatulo kumveka ngati ndandanda wa m'kalasi la galamala. Yangayi matendawa ili nawo pang'ono, ndikuvomera.

Koma vuto lalikulu ndi mzere wakufa. Mukakhala pa depoti ya Limbe mumamva oitanira akukuwa kuti watsala mmodzi. Mukwera, mukhala mphindi makumi awiri, anthu atatu akwera, koma akukuwabe kuti watsala mmodzi. Mawu amenewo sakula ndipo sachepa, chifukwa sakhudzidwa ndi zimene zikuchitika m'minibasimo. Palibe amawakhulupirira ndipo palibe amakwiya nawo. Vilaneli zambiri zolephera zimafa imfa yomweyo: mzere umabwera chifukwa nthawi yake yakwana, osati chifukwa ndime yaukoka. Njira yoyesera ndi yapafupi. Pamalo aliwonse pamene mzere wabwerera, dzifunseni kuti akunena ndani, akuuza ndani, ndipo chachitika n'chiyani chiunenereni komaliza. Mayankho akafanana kawiri, ndime imodzi pamenepo yangodya malo.

Tsopano tibwerere kwa achimwene. Achemwali akamati ndi abodza, amatanthauza kuti lonjezo linaperekedwa ndipo silinakwaniritsidwe. Koma bodza, mmene ambiri timalimvera, ndi kunena chinthu ukudziwa kuti si choona. Ine ndikukhulupirira kuti Novembala aliyense achimwene amakhaladi ndi maganizo obwera. Ndipo zowagwira zilipo zenizeni. Analowa ngati mlendo wa masiku 30, masikuwo anatha kalekale. Malamulo a ku South Africa kuyambira 2014 amati munthu amene wapitirira nthawi yake ndi masiku oposa 30 akamatuluka amaletsedwa kulowanso kwa zaka zisanu. Kwa iwo, kubwera kudzadya Khirisimasi kungathe kukhala kutaya ntchito imene imalipira lendi ya ku Bangwe. Pamwamba pa apo pali manyazi a munthu amene anthu akuyembekezera kuti atsika basi ndi mafiriji. Si ife oyamba. Dzina lakuti Wenela lenilenilo linachokera ku bungwe limene linkalemba anthu kupita kumigodi ya ku Joni, ndipo liwu lakuti mtchona ndi lakale kuposa tonsefe.

Ndiye mukatenga "ndikubwera" aliyense payekha, simupezamo bodza. Apa ndi pamene ndakatulo ija inandisonyeza chimene ndinkachiphonya. Mzere wa 12 sungaweruzidwe pawokha, chifukwa wowerenga amafika pamenepo atanyamula mzere woyamba ndi wa 6. Wonena amamva mawu ake ngati atsopano nthawi iliyonse, poti mtima wake ndi watsopano tsiku limenelo. Wakumva amawamva pamodzi ndi ena onse am'mbuyo, komanso ndi nkhuku imene inasungidwa chaka chatha, ndi chipinda chimene chinasesedwa. Achimwene akuganiza kuti akunenabe mzere wa pa Wenela, pomwe amayi akumva wachisanu ndi chinayi.

Apa ndi pamene ndaima tsopano. Kunena zoona pa mphindi imene ukulankhula sikokwanira ngati mawuwo ukuwabwereza kwa munthu yemweyo. Wobwereza amakhala ndi mlandu pa tanthauzo limene mawu ake afika nalo, ngakhale sanalifune. Wolemba vilaneli sangadandaule kuti mzere wanga ndi womwe uja, owerenga ndi amene aumva molakwika. Mizere 11 yapakati analemba yekha, ndipo ndi imene yausintha. Kwa achimwene mizere yapakati ndi zaka zimene zadutsa, maliro a malume amene sanabwereko, ukwati wa achemwali umene anauonera pafoni. Mulinso ndalama zimene amatumiza mwezi ndi mwezi osaphonya, ndi mankhwala a amayi amene amagula ndi iwo. Zonsezo zili m'ndakatulo yawo. N'chifukwa chake sindingathe kuwatcha abodza ngati achemwali, komanso sindingathe kunena kuti alibe mlandu.

Amayi ali ndi mfundo yawo imene imanditsutsa, ndipo ndi yamphamvu. Tsiku lina anandiuza kuti, "Iwe, mkulu wako sananenepo kuti ndidzabwera. Amati ndikubwera." Aphunzitsi a galamala angakuuzeni kuti "-dza-" amakankhira chinthu kutsogolo kwakutali, pomwe "-ku-" ndi wa chinthu chimene chili mkati mochitika. Kwa amayi, malinga mwana wawo akulankhula ndi "-ku-", ulendo wake sunathe, akadali munthu wotumidwa amene wachedwa panjira. Tsiku limene adzasiye kunena mawuwo, kapena kuwasintha, ndi limene adzakhale atachonadi. Ndiye mwina amayi sakunamizidwa n'komwe. Mwina awiriwa akudziwa bwinobwino zimene mawuwo akutanthauza lero, ndipo akuimba kolasi yawo, wina kutsogolera wina kuvomera, ngati mmene timayankhira "tilitonse" panthano kuti wosimba adziwe kuti sitinagone.

Ndimaivomera mfundoyi theka. Kubwereza kumasunga ubale, zoona. Koma vilaneli ili ndi chinthu chimodzi chimene kolasi ya achimwene ilibe, ndicho malire. Wolemba amadziwa kuyambira pachiyambi kuti pa mzere wa 18 ndi 19 mizere iwiri ija idzayang'anana popanda china pakati, ndipo ayenera kukonzekera kukumanako. Sangawonjezere ndime kuti athawe. M'moyo timawonjezera ndime chaka chilichonse, tikuganiza kuti mwayi ulipobe, chonsecho amayi ali ndi zaka 64 ndipo amadwala BP. Ndime yomaliza idzabwera ndithu, kaya achimwene akonzekera kaya ayi. Ndimaopa kuti "ndikubwera" womaliza adzakhala woona kwambiri kuposa onse, wonenedwa pafoni usiku, munthu akufunafuna basi yoti afike mwambo usanayambe.

Ndime yomaliza ya ndakatulo yanga sindinaikonze dala. Ndinkafuna liwu lothera ndi "-ona" ndipo lotsala linali "kugona". Nditalilemba ndinakumbukira Lamlungu lina nditapita ku Bangwe. Kunada, amayi anati ndigone, chipinda chilipo, ine ndinati mawa kuntchito, ndikubwera mkati mwa sabata. Ndimakhala ku Chitawira. Kuchoka kumeneko kufika ku Bangwe ndi maminibasi awiri, kusinthira ku Limbe. Panadutsa miyezi itatu. Ine ndilibe chitupa chotha ntchito, ndilibe malire a dziko oti ndiwoloke, ndipo ndinali nditakhala pansi kulemba ndakatulo yoweruza munthu amene ali nazo zonsezo. Malamulo a vilaneli amafuna kuti mzere wa chitseko ubwere kachinayi, ndipo panalibe wina woti aunene kupatula ine.

Achimwene ndinawatumizira ndakatuloyi. Anaiwerenga, timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu, koma anakhala masiku awiri osayankha. Kenako anatumiza voisi yaifupi. Anati, "Mphwanga, ndamva. Chaka chino sindikwanitsa, usawauze kaye amayi, ndiwauza ndekha." Aka kanali koyamba m'zaka zonsezi kumva mawu ena kuchokera kwa iwo pa nkhaniyi. Sindinasangalale monga ndinkaganizira. Ndinamva ngati ndawalanda kanthu, ndipo mwina ndalanda amayinso. Mpaka lero sindinatsimikize ngati ndinachita bwino.

Loweruka lapitali ndinapita ku Bangwe ndipo ndinawawerengera amayi ndakatuloyi tili pakhonde, iwo akusankha nyemba. Anamvetsera mpaka kumapeto osadukiza. Kenako anati, "Bwereza kamzere kotsirizako." Ndinabwereza. Anapukusa mutu.

"Pamenepo walemba bodza. Mwina inu anazolowera. Ine sindinazolowere."

Ndinalibe choyankha. Ndinali nditatha milungu ndikufufuza bodza mu mzere wa achimwene, osaona kuti mzere wanga, umene ndinaubwereza kanayi m'dzina la banja lonse, unali wodzilimbitsa mtima ngati wa mayi wa ku America uja. Ndinawafunsa ngati ndiusinthe. Anati ayi, usiye choncho, wowerenga wanzeru adziwa yekha. Atatero anandipatsa lichero kuti ndimalize nyembazo, iwo n'kulowa kukayala m'chipinda cha achimwene, poti ndinali nditanena kuti ndigona.